Kusiyanitsa nsapato ya orijino ndi ya feki pa chithunzi

Nsapato yamasewera yochokera ku kampani yeniyeni imabwera ndi zizindikiro zingapo zimene zinaikidwa ndi makina osiyanasiyana, koma zonse zimanena chinthu chimodzi. Pepala lomatidwa pa bokosi, kansalu kosokedwa kuseri kwa lilime la nsapato, zolembedwa pa chopondapo cha m'kati ndiponso mmene guluu anayendera pomata soli, zonsezi zimachokera mu dongosolo limodzi la fakitale. Wopanga nsapato zachinyengo amakopera zizindikirozi chimodzichimodzi, kawirikawiri kwa anthu osiyana: wina wosindikiza mabokosi, wina wodula zopondapo, wina womata. Mpake kuti nthawi zambiri chimodzi chimatsutsana ndi chinzake. Luso lozindikira feki pa chithunzi lagona pa kupeza kusagwirizana kumeneku.

Masiku ano nsapato zambiri zikugulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wogula ali ku Mzuzu, wogulitsa ali ku Limbe kapena ku Joni, ndipo ndalama zimatsogola pa foni katundu asanakwere basi. Palibe kugwira chikopa, palibe kununkhiza, palibe kuyesa kulemera kwake m'manja. Chotsala ndi zithunzi basi. Chitsanzo chabwino chophunzirirapo ndi Air Force 1 yoyera ya kampani ya Nike, nsapato imene inatuluka koyamba mu 1982 ndipo ili m'gulu la nsapato zokoperedwa kwambiri padziko lonse. Zambiri zokopera zimachokera ku China, makamaka mumzinda wa Putian m'chigawo cha Fujian, kumene kwakhala mafakitale a nsapato kwa zaka zambiri ndipo amisiri odziwa ntchito sasowa.

Chithunzi chimene wogulitsa waika potsatsa malonda sichithandiza kwenikweni, chifukwa chimaonetsa nsapato cham'mbali, kumene okopera amalimbikirako kwambiri, ndipo mwina si cha nsapato imene ili m'manja mwake. Wogula ayenera kupempha zithunzi zake: lebulo ya pa bokosi itajambulidwa molunjika, kansalu ka kulilime ka nsapato zonse ziwiri, chopondapo chitatulutsidwa pamwamba ndi kunsi komwe, m'kati mwa nsapato chopondapocho chitachotsedwa, ndi mzere wonse pamene chikopa chakumana ndi soli. Zijambulidwe masana, pamthunzi. Kuwala kwa fulashi kumabisa guluu pa nsapato yoyera. Kapepala kolembedwa pamanja tsiku lalero kataikidwa pambali pa nsapato ndi kamene kamatsimikizira kuti katunduyo alipodi. Chinanso, WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, moti tizilembo tating'ono timafufutika. Chikatumizidwa pa batani la Document chimafika ndi mphamvu zake zonse.

Lebulo ya pa bokosi

Poyambira ndi pa lebulo chifukwa ndi pamene pali zinthu zotheka kutsimikizira popanda kudalira diso la katswiri. Nsapato iliyonse ya Nike ili ndi nambala ya mtundu wake: zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi, kamzere, kenako manambala atatu. Gawo loyamba limanena mtundu wa nsapato, lachiwiri limanena maonekedwe ake. Air Force 1 yoyera ya amuna ndi CW2288-111. Yakuda yake ndi CW2288-001. Yoyera ya akazi ili ndi nambala ina ndithu, DD8959-100. Munthu akalemba nambala ya pa lebulo posakira pa intaneti, nsapato imene yatuluka iyenera kukhala yomweyo imene ili pa chithunzi. Ngati lebulo ikunena CW2288-001 koma m'bokosi muli nsapato yoyera, bokosilo si la nsapatoyo.

Pamenepa pamafunika kusamala pogamula. Bokosi lolakwika silitanthauza kuti nsapato ndi yachinyengo. Amalonda amasakaniza mabokosi, ndipo ena amawataya dala kuti katundu achepe malo pa ulendo wochokera ku Dar es Salaam kapena ku Joni. Koma bokosi lotere lasiya kukhala mboni, ndipo wogulitsa sangakwezere mtengo pa ilo.

Chachiwiri ndi masaizi. Lebulo imaonetsa saizi imodzi m'mawerengedwe anayi, ndipo manambalawo amayendera limodzi mosasintha. Pa nsapato za amuna za Nike, US 9 ndi UK 8, EUR 42.5 ndi masentimita 27. US 10 ndi UK 9, EUR 44 ndi masentimita 28. Kampani ya Adidas imawerenga mosiyana: US 9 yake ndi UK 8.5, ndipo saizi ya ku Ulaya imalembedwa 42⅔. Choncho lebulo ya Nike yolembedwa 42⅔, kapena yophatikiza US 9 ndi EUR 43, yasokoneza matebulo, chinthu chimene makina a kampani sachita. Nambala ya mtundu ya Adidas nayonso ndi yaifupi, ya zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi zokha, monga B75806 ya Samba OG yoyera.

Chachitatu ndi timizere takuda timene amaunika pa tilu m'sitolo, pamodzi ndi manambala 12 olembedwa pamenepo, otchedwa UPC. Nambala imeneyi ndi yosiyana pa saizi iliyonse, ngakhale mtundu ndi maonekedwe zikhale zofanana. Okopera otchipa amasindikiza lebulo imodzi n'kumangosintha saizi, timizere ndi nambala n'kusiya momwemo. Wogulitsa amene ali ndi masaizi angapo akapemphedwa kujambula mabokosi awiri, a US 9 ndi US 10, ndipo UPC n'kupezeka yofanana pa onse, nkhani yathera pomwepo.

Zonsezi zimafanizidwa ndi kansalu ka kulilime. Pamenepo pamabwerezedwa nambala ya mtundu, masaizi anayi aja ndi UPC, imene pa kansalu imayamba ndi maziro awiri kutsogolo. Pamalembedwanso dziko lopangira ndi masiku awiri osonyeza nyengo imene gulu la nsapatozo linkapangidwa, olembedwa mwa Chimereka: mwezi, tsiku, chaka. Tsiku loyamba liyenera kutsogola lachiwiri, ndipo onse ayenera kugwirizana ndi mbiri ya nambalayo. Air Force 1 yoyera inkadziwika ndi nambala 315122-111 kwa zaka zambiri, ndipo CW2288-111 inalowa m'malo cha m'ma 2020. Kansalu kolembedwa CW2288-111 koma konena kuti nsapato inapangidwa mu 2016 kakunama. Tinsalu ta nsapato yakumanja ndi yakumanzere tiyeneranso kugwirizana pa mtundu ndi saizi.

Mawu akuti MADE IN CHINA paokha sasonyeza chinyengo, ngakhale ambiri amakhulupirira choncho. Nsapato zenizeni za Nike zimapangidwa makamaka ku Vietnam, Indonesia ndi China, ndipo mtundu umodzi umatha kuchokera m'mafakitale a maiko osiyana. Chofunika ndi choti dziko la pa bokosi ndi la pa kansalu likhale limodzi.

Kasindikizidwe ka lebulo kamaonedwa pomaliza. Zilembo zenizeni zimakhala ndi m'mphepete mwakuthwa ndiponso kukula kofanana, pamene za kukopera zimanenepa kapena kuwonda mosayenera, timizere n'kumaoneka ngati tanyowa. Komabe chithunzi chogwedera chimachitanso zomwezo, choncho umboni uwu ndi wofooka poyerekeza ndi wa manambala.

Chopondapo cha m'kati

Chopondapo ndi kachiphaso kofewa kamene phazi limapondapo, kokutidwa ndi nsalu pamwamba, ndipo chakuchidendene kumadindidwa chizindikiro cha kampani. Okopera ambiri sachilabadira chifukwa ogula sachiyang'ana. N'chifukwa chake chimaulula zambiri.

Chizindikirocho chimadindidwa ndi moto pamwamba pa nsalu. Pa nsapato yatsopano yeniyeni utoto umakhala wodzaza bwino, m'mbali mwa zilembo muli moongoka, ndipo kachizindikiro ka ® kamawerengeka ngakhale n'kakang'ono. Zilembo za NIKE ndi zonenepa, zopendekera kumanja, zothithikana, ndipo kunsi kwake kumadutsa chizindikiro chija chonga chimene mphunzitsi amachonga nacho mu kope, chokhuthala pokhota ndi chosongoka kumchira. Pa zokopera, kawirikawiri zilembo zimatalikirana, kupendekera kumaperewera kapena kupitirira, mchira umathera mobuntha, ndipo ® amangokhala kadontho. Utoto wina umanyezimira ngati pulasitiki ndipo umayamba kusupuka m'mbali nsapato isanavalidwe n'komwe.

Kuti zimenezi zioneke, chopondapo chiyenera kutulutsidwa ndi kujambulidwa foni ili pamwamba pake molunjika. Chikajambulidwa chili m'nsapato, foni imapendeka, ndipo zilembo zabwinobwino zimaoneka zopindika. Kenako chithunzicho chimaikidwa pambali pa cha nsapato yotsimikizika ya nambala yomweyo ndi zaka zomwezo. Mfundo ya zakayi anthu ambiri amaidumpha. Kampani imasintha zidindo pakapita nthawi, moti chopondapo cha 315122-111 sichingakhale muyeso wa CW2288-111, ndipo cha akazi sichingakhale muyeso wa cha amuna.

Zopondapo ziwirizo zikagonekedwa pamodzi zimayesana zokha. Chizindikiro chiyenera kukhala pa mtunda wofanana kuchokera kuchidendene pa zonse ziwiri. Kusiyana pang'ono kumachitika ndi ku fakitale yeniyeni komwe. Koma china chikakhala pakati, chinzake chitatsetserekera m'mbali moonekeratu, pali chifukwa chokayikira. M'mphepete mwa chopondapo chenicheni mumadulidwa kamodzi ndi chitsulo chakuthwa, mopanda manyanyu, ndipo chimadzaza nsapato yonse osasiya mpata kuzala kapena kukwinyika kuchidendene. Okopera nthawi zina amagwiritsa ntchito chopondapo chimodzi pa masaizi awiri oyandikana, ndipo mpatawo umaoneka.

Kufufutika kwa chidindo si umboni wa chinyengo. Utoto uli pamwamba pa nsalu chabe, ndipo thukuta ndi sokosi zimaudya msanga pa nsapato yeniyeni yomwe. Phindu lake ndi lakuti umanena za moyo wa nsapatoyo. Nsapato yotsatsidwa ngati yatsopano koma chidindo chitaperepeseka pakati inavalidwapo. Ya pa kaunjika imene soli yake yadyeka kuchidendene koma chidindo chili chowala ngati chadzulo inaikidwa chopondapo china, ndipo chopondapocho sichinganene kanthu za nsapatoyo.

Chopondapo chikachotsedwa, pansi pa nsapato pamaoneka nsalu yolimba yosokereredwa ku chikopa kuzungulira konse. Msoko umenewu umasokedwa pa makina apadera chikopa chisanamatidwe ku soli. Pa nsapato yeniyeni ulusi umayenda mondondozana, motalikirana mofanana, kutsata m'mphepete mwa phazi. Pa zokopera zotchipa umadumpha malo, umaunjikana m'makona, kapena m'malo mwa nsalu pamakhala chikatoni chomatidwa ndi guluu wambiri. Malo awa ndi ovuta kuwakongoletsa pojambula, ndipo chithunzi chake n'chimodzi mwa zodalirika kwambiri.

Guluu

Palibe chizindikiro chimene anthu amachiwerenga molakwa kuposa guluu. Ambiri akangoona kabanga ka guluu m'mbali mwa soli amati nsapato ndi feki, ndipo akaona yoyera mbee amati ndi orijino. Zonse ziwiri si zoona. Nsapato zenizeni zimamatidwa ndi anthu pa mzere wa fakitale, zikwizikwi pa tsiku. Wantchito amapaka guluu ndi burashi pa chikopa ndi pa soli, ziwirizo zimadutsa motentha kuti guluu agwire, kenako makina amazipanikiza pamodzi. Burashi ikapitirira mzere pang'ono, kapena guluu akafinyikira kunja popanikiza, banga limatsala, ndipo nsapato yotere imagulitsidwa m'sitolo za kampani momwemo. Okopera apamwamba, podziwa kuti ogula amaopa guluu, amapukuta nsapato zawo mosamala, mwina kuposa fakitale yeniyeni.

Choyenera kufunsa ndi mtundu wa guluu, kuchuluka kwake ndi malo amene ali. Wa ku fakitale yeniyeni ndi wopyapyala, woonekera kuseri, amanyezimira pang'ono kuwala kukamugunda cham'mbali, ndipo amatsata mzere wa soli osatalikira nawo kuposa milimita imodzi kapena awiri. Wa zokopera zotchipa amakhala wokhuthala, wamadontho kapena wotuluka ngati ulusi, wachikasu nsapato ikadali yatsopano, ndipo amapezeka kumene guluu alibe ntchito: pakati pa chikopa, pa zingwe, pa lilime. Choipa kwambiri ndi guluu wambiri pamodzi ndi mpata, kutanthauza malo amene soli sinagwire chikopa, makamaka kutsogolo kwa zala ndi popindikira phazi. Zimenezi zimasonyeza kuti kutentha kapena kupanikiza sikunakwane.

Pa Air Force 1 pali chothandiza china. Soli yake ndi yomatidwa komanso yosokedwa, ndipo ulusi umayenda mu kangalande kozungulira nsapato yonse. Pa yeniyeni ulusiwo umakhala m'kangalandemo ndithu, wotalika mofanana kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ukamatuluka n'kubwereramo, kapena ukamira mu guluu, ntchitoyo inali yothamanga.

Kunsi kwa chopondapo nako kumakhala guluu pa mitundu yambiri, woikidwa kuti chisamaterereke. Wa makina amasiya mizere yooneka mwadongosolo, yofanana pa nsapato zonse ziwiri. Wopaka pamanja amasiya chibanga chimodzi chachikulu pakati, kapena amamata chopondapo chonse moti pochichotsa chimang'ambika. Kayalidwe ka mizereyi kamasiyana malinga ndi fakitale ndi chaka, choncho nakonso kamafuna chithunzi chofanizira cha nambala yomweyo.

Pa nsapato yakale nkhani imasintha. Guluu weniweni amasanduka wachikasu ndi zaka ndi dzuwa, ndipo mzere wachikasu wopyapyala kuzungulira soli ya nsapato ya zaka zisanu ndi ukalamba chabe. Nsapato zambiri za pa kaunjika zinadutsanso m'manja mwa wosoka nsapato. Guluu wake wa m'chitini amasiya mzere wofiirira, wokhuthala, wonga mphira. Supa guluu amasiya nkhungu yoyera ndi kuumitsa chikopa pamene wagwera. Zizindikiro zimenezi zimanena kuti soli inamatukapo, zimene ziyenera kutsitsa mtengo, koma sizinena ngati nsapatoyo ndi yeniyeni kapena ayi.

Kuphatikiza umboni

Mwachitsanzo, wogula wapatsidwa zithunzi za Air Force 1 yoyera yotsatsidwa ngati yatsopano. Lebulo ikunena CW2288-111, US 9, UK 8, EUR 42.5, masentimita 27, MADE IN VIETNAM. Nambalayo ndi yolondola pa nsapato yoyera ya amuna, ndipo masaizi akugwirizana. Mzere wa soli ndi waukhondo, kupatula kabanga kowala kuchidendene cha yakumanzere, kamene sikakutanthauza kanthu. Wogula wosazama akhoza kukhutira pamenepa.

Chithunzi cha kansalu ka kulilime chikubwereza nambala ndi masaizi omwewo, masiku ake ndi a mu 2023, koma UPC yake ikusiyana ndi ya pa bokosi pa manambala anayi omalizira. Ichi ndi chokayikitsa choyamba. Chikhoza kuchokera pa kusinthana kwa mabokosi, ngakhale n'zovuta kumvetsa popeza mtundu ndi saizi n'zofanana. Wogula akupempha chithunzi cha bokosi la US 10, ndipo UPC yake ndi yofanana ndendende ndi ya pa bokosi la US 9. Mabokosi ndi okopera. Chopondapo chitatulutsidwa, ® ndi kadontho, mchira wa chizindikiro ndi wobuntha, kunsi kuli chibanga chimodzi cha guluu wachikasu, ndipo msoko wa pansi wadumpha malo awiri chakuzala. Mboni zitatu zosiyana zagwirizana, ndipo guluu wakunja, amene anaoneka bwino kuposa zonse, ndiye sananene zoona.

Zikanatheka kuti zonse zigwirizane. Apo chigamulo chikanakhala chakuti palibe cholakwa chapezeka, osati kuti nsapato ndi yeniyeni. Chithunzi chimatha kutsutsa nsapato kotheratu, koma sichitha kuiyeretsa kotheratu. Zokopera zapamwamba zimatenga UPC yolondola ya saizi iliyonse ndi masiku omveka kuchokera pa nsapato yeniyeni. Kabokosi ka timadontho ka QR kopezeka pa tinsalu ta zaka zaposachedwa nako kamakopereka, moti kutseguka kwa tsamba la Nike pa foni sikutsimikizira kalikonse. Ngakhale oyesa nsapato amene amazigwira m'manja amatsutsidwa: mu 2022 Nike inauza khoti ku America kuti inagula mapeyala anayi achinyengo pa StockX, msika wa pa intaneti umene panthawiyo unkanena kuti umayesa nsapato iliyonse usanaitumize kwa wogula, ndipo StockX inaikira kumbuyo kayesedwe kake.

Zokopera zofika pamenepo ndi zodula ndipo si zimene zimadzaza misika. Zambiri zimene zimatsatsidwa pa foni ndi zapakati ndi zotsika, ndipo zimenezi zimagwa pa lebulo kapena pansi pa chopondapo. Pa nsapato ya pa kaunjika yopanda bokosi, umboni wotsala ndi kansalu ka kulilime ndi msoko wa pansi, ndipo ziwirizi zimakwanira kuchotsa zokopera zambiri. Kutulutsa chopondapo ndi kujambula kansalu ndi ntchito ya mphindi zochepa. Wogulitsa amene akuitanitsa mtengo wa orijino koma akukana kutumiza zithunzi zimenezi asatumiziridwe ndalama.